Fomu ya chilolezo ya kafukufuku: mayi akuti "ndionetseni podinda chala basi", ndiyambire pati?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa amene munagwirapo za kafukufuku wa mankhwala. Ndinachoka ku wodi, pano ndili ku kafukufuku wa mankhwala a BP, ndipo andilola kuyamba kufotokozera anthu fomu ya chilolezo ndekha. Fomuyo ndi ya masamba 14. Kunabwera mayi wina, kuwerenga satha, BP yawo ndi yokwera ndithu. Ndisanamalize tsamba loyamba anandidula pakamwa: "Anesi, inu ndi amene mukudziwa, ndionetseni podinda chala." Ndawauza kuti abwerenso Lachinayi ndi munthu amene amamukhulupirira. Koma Lachinayilo ndiyambire pati? Pondivuta ndi pa zoopsa za mankhwala, pa ufulu wosiya, ndi pa za magazi ndi zolembedwa zawo. Ndikamawerenga mmene zalembedwera, munthu amangoti eee, eee, koma ukuona kuti sakutsatira.

Bambo a Tadala: Tajambulani fomuyo mutumize pano tiione, tikuthandizani tsamba ndi tsamba.

Sisita Nankhoma: Ayi bambo, asatumize. Zikalata za kafukufuku sizizungulira pa foni, ndipo Nachisale musatchulenso kalikonse kozindikiritsa mayiwo, kaya mudzi, kaya zaka zawo. Mungotiuza mwachidule: pali magulu angati, ndipo mankhwala ake ndi a mtundu wanji?

Nachisale: Magulu awiri asisita. Gulu lina limalandira piritsi limodzi losakaniza mankhwala angapo a BP, lina limapitiriza mankhwala a masiku onse monga ku kiliniki. Kompyuta ndi imene imachita mayere. M'piritsi losakanizalo muli amulodipini ndi mankhwala ena a mtundu wa enalapulilu. Munthu amatsatiridwa chaka chimodzi.

Achimwene a ku Biwi: Zosainazi ndi zoziteteza okha achipatala. Mkazi wanga popita ku opaleshoni ya mwana wachiwiri anatisainitsa pepala usiku, osawerenga ndi komwe. Tanthauzo lake n'loti zikavuta musatidandaule. Auzeni choncho mayiwo basi, mwamaliza.

Sisita Nankhoma: Achimwene, ya opaleshoni ndi ina. Kumeneko munthu akulandira chithandizo chimene adokotala amusankhira iyeyo. Ku kafukufuku akupemphedwa kuthandiza kuyankha funso limene yankho lake palibe akulidziwa, ndipo akakana sataya kanthu. Komanso fomu ya kafukufuku siloledwa kukhala ndi mawu olanda munthu ufulu wodandaula akavulazidwa. Komiti yovomereza kafukufuku ikawapeza mawu otere imaibweza fomuyo.

Nachisale, ndiyambe ndi zimene zimachitika musanatsegule pakamwa, chifukwa ambiri amagwa pamenepa. Onani kuti fomu imene mwatenga ndi yatsopano, ya Chichewa, ndipo ili ndi chidindo cha komiti, kaya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kaya COMREC, kutengera amene anavomereza kafukufuku wanuyo. Yang'anani nambala ya fomu ndi tsiku la pachidindo. Mafomu akale amatsalira m'madirowa, ndipo mukasainitsa yakale ndiye kuti mudzawaitananso mayiwo kudzayambiranso.

Popeza satha kuwerenga, pafunika mboni yodziwa kuwerenga, imene si yantchito ya kafukufukuyo. Mboniyo ikhalepo kuyambira mawu oyamba mpaka omaliza. Osati mwafotokoza nokha, kenako mwakatenga munthu pa benchi kuti adzangosaina. Ntchito ya mboni ndi kutsimikiza kuti zimene mwanena ndi zimene zalembedwa, ndiponso kuti mayiwo avomera okha. Afunseni kaye ngati ali omasuka kuti mboniyo imve za matenda awo.

Ndipo palibe chilichonse cha kafukufuku chimene chimachitika chala chisanadindidwe. Ngakhale magazi oyezera ngati akuyenera kulowa, ayi.

Pa zoti "inu ndi amene mukudziwa", muwayankhe mosabisa: "Mayi, pa ichi sindikudziwa. Tikanadziwa kuti piritsi limodzili ndi labwino kuposa enawo, bwenzi tikungopereka kwa aliyense. Ndipo gulu lanu sindisankha ine, ngakhale adokotala, isankha ndi kompyuta mwa mayere." Munthu akamva nesi akuvomera kuti sakudziwa, amadzuka pampando n'kuyamba kumvetsera.

Bambo a Tadala: Koma asisita, mukatero si muwathawitsa anthu? Ife kumudzi tikamalimbikitsa anthu timati ku kafukufuku kuli chisamaliro chabwino, mizere kulibe, mankhwala satha. Ndipo ndi zoona, ine ndinaona ndi maso.

Sisita Nankhoma: Zoti amayezedwa pafupipafupi ndi zoona, ndipo ngati fomu yanena, zinenedwe. Cholakwika ndi kunena kuti mankhwala ake ndi abwino kuposa. Mayiwo akhoza kugwera gulu la mankhwala omwe akumwa kale. Akhozanso kugwera la piritsi latsopano n'kusawayanja. Munthu amene walowa akuyembekeza "mankhwala amphamvu a azungu" ndi amene amasowa mwezi wachitatu, akazindikira kuti akumwa zomwe zija.

Jere wa ku labotale: Ndiponyepo za magazi, chifukwa mphekesera zonse zimayambira pamenepo. Musanene kuti "titenga magazi pang'ono". Pang'ono wa inu si pang'ono wa iwo. Tengani kabotolo kopanda kanthu muwagwiritse m'manja. Supuni ya tiyi imodzi ndi mamililita 5. Ngati fomu ikuti mamililita 10 pa ulendo, nenani kuti masupuni a tiyi awiri, ndipo muwerenge nawo maulendo amene adzatengedwe. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo wopereka magazi ku banki ya magazi amapereka mamililita 450 nthawi imodzi n'kubwerera kwawo wapansi. Anthu sanaiwale za anamapopa a 2017 aja, ngakhale zinali kummwera. Akaona mabotolo atatu a zivindikiro zosiyana mitundu amadabwa, choncho auzeni kuti lililonse ndi la chiyani.

Nachisale: Zikomo a Jere. Kwathu ndi mabotolo awiri, lina la impso ndi mchere wa m'magazi, lina losunga. Nanga zoopsa? Pafomu pali mndandanda wautali, mpaka mutu, nseru, kutopa, zonse. Ndikawerenga onse munthu amachita mantha kapena amangosiya kumva.

Sisita Nankhoma: Zonse zimene zalembedwa muyenera kuzidutsa, mboni ili pomwepo ikutsatira. Koma si zonse zofunika nthawi yofanana. Ine ndimaziika m'mafunso amene munthu angadzifunse ali kunyumba usiku: ichi ndipirire mpaka tsiku la ulendo, ndiimbe foni, kapena ndithamangire kuchipatala?

Titenge mankhwala anuwo. Amulodipini amatupitsa mapazi m'zidendene mwa anthu ena, makamaka madzulo. Si zoopsa kwenikweni, koma mayi amene sanauzidwe adzaganiza kuti ndi impso kapena mtima, kapena kuti wapondetsedwa, ndipo adzasiya kumwa mwakachetechete. A mtundu wa enalapulilu amabweretsa chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chopanda makhololo, mwa munthu pafupifupi mmodzi pa khumi aliwonse. Osanena maperesenti. Nenani kuti "pa anthu khumi a pa benchi paja, mmodzi akhoza kukhosomola". Chifuwachi chikabwera aimbe foni kapena abwere, asakagule mankhwala a chifuwa ku golosale, chifukwa chimatha pokhapokha mankhwalawo asinthidwa. Chizungulire podzuka mofulumira, makamaka masiku oyamba, adzuke pang'onopang'ono ndipo atiuze.

Chimene muyenera kukhalitsapo ndi kutupa kwa milomo, lilime kapena nkhope. Sichichitika kawirikawiri, koma chimapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa azungu, ndipo chikhoza kutseka mpweya. Chimenecho sadikira kuti kuche. Asamwenso piritsi lina, apite kuchipatala chimene chili pafupi nthawi yomweyo atatenga khadi la kafukufuku. Afunseni kuti usiku angayende bwanji kuchokera kumene amakhala. Wa ku Kawale ndi wa kupitirira Mitundu sangakupatseni yankho limodzi, ndipo nthawi zina munthu amakana kulowa pamenepa. Kukana kotero ndi kwanzeru.

China ndi mimba. Mankhwala a mtundu umenewu amawononga impso za mwana m'mimba. Ngati mayiwo akadasamba, fomu idzanena za kuyeza mimba ndi kulera. Mbali imeneyi muwafunse ngati akufuna kuti mboni imve zimene akuyankha. Mwina abwera ndi apongozi.

Magazi a impso mumayeza patatha sabata imodzi kapena ziwiri atayamba kumwa chifukwa mankhwalawa akhoza kukweza mchere wa m'magazi wotchedwa potaziyamu kapena kufooketsa impso munthu osamva kalikonse. Mukawauza chifukwa chimenechi sadzajomba ulendo umenewo. Akadzatsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza, aimbe foni asanamwe.

Pomaliza pa zoopsa pali chiganizo chimene ambiri amachilumpha: pakhoza kukhala zovuta zina zimene sitikuzidziwa pano. Chineneni momveka.

Mai a Pempho: Pepani ndilowerere, ine si wachipatala, ndili m'gulu muno chifukwa cha za amayi a m'dera. Ine ndinalowetsapo mwana wanga m'kafukufuku, dzina la malo sinditchula. Anatiuza kuti mukhoza kusiya nthawi iliyonse. Apongozi anga atayamba kulankhula za magazi, ndinangosiya kupita. Patapita masabata angapo ndinangoona galimoto yaima pakhomo, anthu a m'mudzi onse maso ali pa ine. Ndinachita manyazi kwambiri, anthu anayamba kunena kuti m'nyumba mwanga muli matenda. Ndiye ufulu wosiyawo uli pati? Kusiya n'kukutsatira mpaka kunyumba?

Bambo a Tadala: Amenewo analakwa. Munthu akasiya wasiya, dzina lake lifufutidwe, zonse zake ziwotchedwe. Lamulo ndi limenelo.

Sisita Nankhoma: Mai a Pempho, pepani ndithu. Zimene mwanenazi ndi phunziro lenileni kwa Nachisale. Kwa a kafukufuku, munthu amene sakubwera sanasiye, wasowa. Sakudziwa ngati wadwala, wasamuka kapena wamwalira ndi mankhwala awo, choncho amamufunafuna pogwiritsa ntchito pepala lija munalembetsa foni ndi mapu a kunyumba. Vuto ndi loti pa tsiku losaina sanakuuzeni kasiyidwe kake, ndipo mwina sanakufunseni ngati mukulola kuyenderedwa pakhomo.

Ndiye Nachisale, "mukhoza kusiya nthawi iliyonse" sizikwana. Onjezani kuti: "Mukafuna kusiya, tiuzeni, ngakhale pa foni. Chifukwa simukakamizidwa kunena. Mukangosowa tidzakufunani. Kodi tikufuneni bwanji? Pa foni pokha? Tingabwere kunyumba? Tibwere wapansi kapena pa galimoto? Tikapeza munthu wina tinene kuti ndife ndani?" Mayankho awo muwalembe ndipo atsatidwe.

Kusiya kumenenso si kumodzi. Munthu akhoza kusiya piritsi la kafukufuku koma n'kumabwerabe kudzayezedwa. Ambiri amene chifuwa chawatopetsa amafuna zimenezi, koma sadziwa kuti n'zotheka. Akhoza kusiya kubwera koma n'kulola kuti muziwaimbira foni kapena kuona buku lawo lakuchipatala. Kapena akhoza kunena kuti musandifunenso m'njira iliyonse, ndipo pamenepo mwalekeza.

Pa BP pali chenjezo. Munthu akasiya mankhwala popanda olowa m'malo, BP imakweranso osamva kupweteka kulikonse, ndipo mapeto ake ikhoza kukhala sitiroko. Choncho timapempha ulendo umodzi womaliza kuti tiwayeze, tiwabwezere pa mankhwala a masiku onse ndi kuwalembera m'buku lakuchipatala. Ndi pempho, osati lamulo. Samalani kanenedwe, kuti chenjezo lisamveke ngati kuopseza. Ndipo anene okha ndi pakamwa pawo kuti akasiya kapena akakana lero lomwe, ku kiliniki ya BP adzalandiridwa monga kale. Anthu amaopa kwambiri kuti nesi yemweyo adzawakwiyira pa mzere.

Bambo a Tadala, pa zowotcha mwapitirira. Zimene zinalembedwa kale munthu asanasiye, m'kafukufuku wa mankhwala, kawirikawiri zimatsala, ndipo fomu imanena zimenezo.

Bambo a Tadala: Aaa, ndiye ufulu wanji umenewo? Zinthu ndi zanga, ndasiya, koma mukuzisungabe?

Kalaliki wa manambala: Ndiyankheko ine amene ndimalowetsa zimenezi mu kompyuta. Ganizani kuti ndani amasiya kafukufuku. Nthawi zambiri ndi amene mankhwala sanawayanje. Tiyerekeze anthu 100 alandira piritsi, 10 atupa mapazi, onse khumiwo asiya ndipo tafufuta zawo. Otsala 90 palibe amene anatupa. Lipoti lidzati piritsili silitupitsa mapazi, boma lidzaligula, ndipo amene adzatupe ndi amayi anu. N'chifukwa chake zolembedwa kale sizichotsedwa. Chimene chimaima ndi kutenga zatsopano.

Komanso zikatumizidwa n'kuwerengedwa pamodzi ndi za anthu mazana ena, zili ngati mchere umene wasungunuka m'ndiwo, sungautolenso. Munthu ayenera kudziwa zimenezi asanadinde, osati tsiku limene akusiya.

Bambo a Tadala: Chifukwa chake ndachimva, koma mtima sunavomere. Nanga lamulo latsopano lija loteteza zinsinsi za anthu la 2024, silipereka mphamvu yofufutitsa?

Kalaliki wa manambala: Lamulolo lilipo, ndipo amene akuliyang'anira ndi a MACRA. Koma Nachisale asalonjeze mayiwo chinthu chimene sichili pafomu yovomerezedwa. Ngati pali kukayika, funsolo lipite kwa dokotala wamkulu wa kafukufukuyo, iye afunse komiti.

Jere wa ku labotale: Magazi osungidwa ndi osiyanako. Botolo limene lili mufiliza lili ndi nambala, ndipo malinga ngati nambalayo ikulumikizanabe ndi dzina, munthu akapempha tikhoza kulipeza n'kuliwononga, n'kulemba kuti tawononga. Koma zotsatira za magazi amene anayezedwa kale zimatsala. Nachisale, botolo lanu losungalo, kodi pafomu lili ndi kabokosi kakekake?

Nachisale: Eya, tsamba lomaliza lili ndi mabokosi awiri, ndikulola kapena sindikulola kuti magazi asungidwe. Ndimaganiza kuti akakana ndiye kuti sangalowe.

Jere wa ku labotale: Werenganinso. Bokosi likakhala lapadera, nthawi zambiri ndiye kuti munthu akhoza kukana kusunga koma n'kulowabe. Ndipo musachonge inu musanawafunse. Auzeni kuti asungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, adzayezedwa chiyani, ndiponso ngati adzatuluka kunja kwa dziko. Magazi satuluka m'dziko muno popanda pangano lolembedwa limene komiti yavomereza. Ngati akupita kunja nenani dzina la dzikolo monga lalembedwera. Anthu akadzamva kwa woyendetsa galimoto kuti mabokosi amapita ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, inu musanawauze, kafukufuku yense amanunkha m'mudzi.

Gogo wa komiti ya m'dera: Ana anga, ine ndakhala m'komiti yolumikiza anthu ndi a kafukufuku, ndipo chimene chimandinyansa ndi bodza laling'ono lija lakuti "palibe amene adzaone". Limanenedwa ndi mtima wabwino, koma ndi bodza. Kenako mayi akubwera tsiku lina n'kupeza mlendo wa kunja akutsegula mafayilo m'chipinda.

Kalaliki wa manambala: Agogo anena zoona. Chilungamo chake ndi ichi. Pa mapepala a kafukufuku ndi mu kompyuta munthu amadziwika ndi nambala. Buku lolumikiza nambala ndi dzina limakhala m'kabati yokiya pamalo pomwepo, silitumizidwa. Koma pali anthu ololedwa kuona fayilo yokhala ndi dzina: oyendera ochokera kwa amene akulipira kafukufuku, a komiti, ndi a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala lija. Amabwera kudzaona ngati munthuyo alipodi, ngati anasainadi, ndiponso ngati BP imene ndalowetsa ine ndi imene nesi analemba. Onsewo amalumbira kusunga chinsinsi. Zotsatira zikamadzafalitsidwa, dzina silituluka. Mapepala amasungidwa zaka zambiri kafukufuku atatha, chiwerengero cha zakazo chili pafomu, muwauze.

Achimwene a ku Biwi: Koma inu mukulankhula ngati mayiwo alibe mwamuna. Kwathu kuno mkazi sangadinde chinthu cha chaka chathunthu bambo osadziwa. Bambowo asaine nawo basi, apo ayi mudzaphwanya banja.

Sisita Nankhoma: Thupi ndi la mayiwo achimwene. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19, amati munthu asachitidwe kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi popanda chilolezo chake. Munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo amavomera yekha, ndipo saini ya mwamuna silowa m'malo mwa yake.

Gogo wa komiti ya m'dera: Palamulo asisita akhoza. Koma achimwenewa asatayidwe. Ndaona amayi akubisa mapiritsi m'thumba la ufa, bambo n'kuwapeza, nkhani n'kufika kwa ankhoswe. Njira yake ndi kumufunsa mayiyo kuti, "alipo amene mukufuna kukambirana naye musanasankhe?" Akati bambo akunyumba, mupatseni fomu apite nayo, kapena abwere nawo kudzamva. Akati ayi, mwalekera pomwepo. Chosankha ndi chake, ndipo mwina ali ndi chifukwa chimene sangakuuzeni. Akabwera onse awiri, pezani kamphindi komufunsa mayiyo ali yekha, chifukwa palinso abambo amene amakankhira mkazi ku kafukufuku pofuna ndalama ya thiransipoti imene a kafukufuku amapereka ija.

Mai a Pempho: Ya thiransipotiyo tisanamizane, ambiri timalowera yomweyo. Munthu ukugulitsa tomato pa msika wa Chinsapo, tsiku lonse phindu osakwana imene akupatsa pa ulendo umodzi. Mukuganiza kuti zoopsa zimene mukuwerengazo akuzimva?

Bambo a Tadala: Ndiye aichepetse kapena aichotse.

Mai a Pempho: Ayi ndithu! Aichotse kuti ndizitaya tsiku langa la msika ndi minibasi ziwiri mwaulere, pamene inu mukulandira malipiro pa kafukufuku yemweyo?

Sisita Nankhoma: Mkangano umenewu ngakhale m'makomiti sunathe, ndipo sitiumaliza pano. Chimene chili m'manja mwa Nachisale ndi chochepa. Ndalamayo ainene monga yalembedwera, asaitchule poyambirira ngati nyambo, ndipo anene kuti ya maulendo amene munthu wabwera kale sibwezedwa akasiya. Imeneyi ndi yosiyananso ndi ya kuvulala. Ngati mankhwala a kafukufuku awavulaza, fomu imanena amene adzalipire chithandizo, ndipo kafukufuku wa mankhwala kuno amayenera kukhala ndi inshuwalansi. Awaonetse manambala a foni awiri amene ali pafomu, ya dokotala wa kafukufuku ndi ya komiti. Yachiwiriyo ndi yodandaulira za ife amene. Popeza satha kuwerenga, ilembeni m'zilembo zazikulu pa khadi lawo kapena muwasungire mu foni.

Nachisale: Pali chiganizo china chakuti "tidzakuuzani za chatsopano chilichonse chimene chingasinthe maganizo anu". Kodi zimachitikadi, kapena ndi zongokometsera fomu?

Sisita Nankhoma: Zinachitika kuno ku Lilongwe komwe. Kafukufuku wa HPTN 052 anali wa mabanja amene mmodzi ali ndi HIV wina alibe, mabanja 1,763 m'mayiko angapo, ndipo Lilongwe ndi Blantyre munali malo ake. Mayere ankasankha ngati wa kachilomboyo ayambe ma ARV msanga kapena adikire chitetezo chitsike. Mu 2011 gulu loima palokha loyang'anira chitetezo cha otenga nawo mbali litaona kuti kuyamba msanga kukuchepetsa kupatsirana ndi 96 pa 100, zotsatira zinalengezedwa nthawi isanakwane, ndipo a gulu lodikira lija anapatsidwa mwayi woyamba mankhwala. Kafukufuku wanu ayeneranso kukhala ndi omuyang'anira otere. Akapeza choopsa chatsopano, fomu imasinthidwa, mumawaitana onse n'kuwafunsanso ngati akupitiriza. Mayiwo akhozanso kuchotsedwa ndi adokotala iwo asakufuna, monga impso zikayamba kufooka kapena akatenga mimba. Izinso muwauze Lachinayi.

Gogo wa komiti ya m'dera: Ndipo osawafunsa kuti "mwamva?" Mmalawi ndani angayankhe nesi kuti sindinamve?

Sisita Nankhoma: Pamenepo agogo. Ine ndimati, "mukafika kunyumba mng'ono wanu akakufunsani kuti kuchipatala amati chiyani, mukamuuza kuti chiyani?" Kenako ndimakhala chete. Akatero ndimafunsa za zochitika. Ndani asankhe gulu lanu? Milomo ikatupa usiku mutani? Mwezi wachinayi mwatopa nazo, mutani, ndipo mankhwala a BP mukawatenga kuti? Mukasiya, zimene tinalemba kale zipita kuti? Mukayankhidwa kuti "adokotala andisankhira oyenera thupi langa", bwererani pa mayere paja, mufotokoze m'njira ina. Mafunso musawafunse mboni, ndipo ikayamba kuwayankhira muiletse mwaulemu. Akalephera kawiri katatu pa mfundo zikuluzikulu, asadinde tsiku limenelo. Lembani m'fayilo kuti munakambirana nthawi yanji, panali ndani, anafunsa chiyani.

Akadinda, inki igwire bwino chala kuti mizere ioneke. Mboni ilembe dzina lake, isaine ndi kulemba yokha tsiku, inu musailembere. Inu musaine pomaliza, tsiku lomwelo. Kope imodzi apite nayo. Akakana kuitenga poopa kuti wina aiona kunyumba, musawakakamize, ingolembani kuti anapatsidwa ndipo anakana.

Nachisale: Zonsezi zitenga ola ndi kupitirira, pamene pa benchi pali anthu ena ndipo kumwamba akufuna chiwerengero cha olowa pa sabata.

Kalaliki wa manambala: Chiwerengerocho chimapwetekanso ine pamene theka la olowa asowa pakati pa chaka. Pemphani kuti masiku osainitsa akupatseni anthu ochepa.

Jere wa ku labotale: Ndipo ngati mayiwo alowa Lachinayi, magazi a impso afike kwa ife isanakwane nthawi imene galimoto imanyamuka masana. Potaziyamu amakwera yekha m'botolo likakhalitsa osapatulidwa, kenako mudzawaitana mayiwo kudzabayidwanso popanda chifukwa.

Mai a Pempho: Funso langa lija la galimoto, kodi nditati ndidandaule lero patapita nthawi chonchi, angandimvere? Fomu yanga ndikadali nayo m'sutikesi.

Sisita Nankhoma: Nambala ya komiti ili patsamba lomaliza kapena loyandikira. Imbani, mutchule dzina la kafukufuku ndi nambala yake imene ili pamwamba pa fomu. Ngati nambalayo siikugwiranso, ndilembereni kumbali ndikuuzeni kofunsa.